Kudula chiganizo chachitali cha Chingerezi osataya uthenga wake

Aliyense amene anaimapo pa bolodi la zidziwitso pa sukulu, pa banki kapena pa ofesi ya DC akuchidziwa Chingerezi chimene ndikufuna kukamba pano. Ndi chija mawu ake onse umawadziwa, palibe ngakhale limodzi lofuna dikishonale, koma ukafika pa mpumiro sudziwa chimene akufuna kuti uchite. Umabwerera kukayambanso, kenaka n'kufunsa mnzako wapambali kuti, "Kodi apa akuti bwanji?" Ambiri zikatere amadziona ngati sukulu inawaperewera, pamene nthawi zambiri cholakwa chimakhala kwa wolemba, amene wapanikiza nkhani zisanu m'chiganizo chimodzi.

Kuno kwathu Chingerezi ndicho chiyankhulo cha m'maofesi, m'makhoti ndi ku Nyumba ya Malamulo, ndipo setifiketi ya MSCE sapatsa munthu amene walephera phunziro limeneli. Komabe kwa ambiri a ife ndi chiyankhulo chachiwiri, kwa ena chachitatu, pambuyo pa Chitumbuka, Chiyao, Chisena kapena Chitonga. Choncho amene amalemba zidziwitso, makalata a ngongole ndi malangizo a mankhwala akulembera anthu amene Chingerezi anachiphunzira m'kalasi. Tiyeni titenge chiganizo chimodzi chokha, chonga zija zimamatidwa m'makoleji athu. Ndachipeka ndine, koma kamangidwe kake mukazindikira.

*Students who, having been selected for the bursary, have not yet submitted their forms, which must be signed by a parent or guardian, are advised that, unless the said forms are received by the Registrar on or before 30 June, their names will be removed from the list and the places offered to those on the reserve list.*

Galamala yake ndi yolondola kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Mawu alipo 58, mpumiro umodzi. Uthenga wake ndi woti ophunzira amene anasankhidwa kuti alipiriridwe fizi, koma sanaperekebe mafomu awo, awapereke pofika pa 30 Juni atasainidwa ndi kholo kapena wowayang'anira, apo ayi malo awo apita kwa ena.

Vuto loyamba si kutalika kokha ayi, koma mtunda umene uli pakati pa mwininkhani ndi mneni wake. Mwininkhani ndi liwu loyamba lenileni, *Students*. Mneni wake, *are advised*, akubwera pa liwu la 24. Pakati pawo pali mawu 22 amene owerenga ayenera kudutsa asanamve kuti ophunzirawo atani. Zili ngati mayi wafika pakhomo ndi ndowa ya madzi pamutu, ndiye m'malo momuuza potulira, mwayamba kumufotokozera za maliro a kutsidya: khutu lake lili kwa inu, koma mtima uli pa katunduyo. Akatswiri a kaganizidwe ka munthu anapeza kuti zinthu zimene mutu ungagwire nthawi imodzi n'zochepa kwambiri. George Miller mu 1956 anati ndi pafupifupi 7, ndipo Nelson Cowan mu 2001 anati kwenikweni ndi 4 basi. Amene anayamwira Chingerezi amameza *on or before* ngati chinthu chimodzi, osaganizako n'komwe. Amene anachiphunzira ku sukulu nthawi zina amayenera kuima n'kulingalira liwu ndi liwu, ndipo malo ochepa aja m'mutu amadzaza msanga. Pamene mneni akufika, mwininkhani anagwa kale m'njira.

Pali chinthu chinanso chimene olemba Chingerezi ambiri sachiganizira, ndipo kwa ife n'chachikulu. Chichewa chimatha kunyamula chiganizo chachitali bwinobwino chifukwa cha mgwirizano. Ndikati "kalata ya chipatala imene ili pa tebulo", mukudziwa kuti chili pa tebulo ndi kalata. Ndikati "kalata ya chipatala chimene chili pa boma", mukudziwa kuti ndikunena chipatala. Mneni aliyense amavala chizindikiro cha mwini wake, ndiye ngakhale agogo afotokoze nkhani yaitali osapuma, sititaya kuti wachita ndani. Chingerezi chilibe zizindikiro zotere. Liwu lija *which* ndi limodzimodzi kaya likuloza kalata, chipatala, kapena nkhani yonse imene yangonenedwa. Munthu wozolowera kutsogoleredwa ndi mgwirizano akalowa m'chiganizo cha Chingerezi cha nthambi zisanu amayenda mopapasa, ndipo nthambi iliyonse yoyamba ndi *which* kapena *who* ndi mphambano pamene angasochere.

Mayiko ena anaona vutoli kalekale mpaka anaika malire. Ku Britain, mayi Chrissie Maher anayambitsa bungwe la Plain English Campaign mu 1979 pong'amba mafomu a boma pamaso pa anthu pafupi ndi Nyumba ya Malamulo ku London, ndipo bungweli limalangiza kuti ziganizo zizikhala za mawu 15 mpaka 20 mukaphatikiza zazitali ndi zazifupi. Malangizo a olemba pa GOV.UK amati chiganizo chikapitirira mawu 25 chionedwenso ngati chingagawidwe. Okonza ndege ali ndi Chingerezi chawo cha malamulo okhwima, chotchedwa ASD-STE100, chimene chinapangidwa makamaka chifukwa amakaniko ambiri a ndege pa dziko lapansi Chingerezi si chiyankhulo chawo. Mmenemo chiganizo cholamula chochita sichipitirira mawu 20, chofotokoza sichipitirira 25, ndipo lamulo ndi lakuti chiganizo chimodzi chinyamule langizo limodzi, pokhapokha ngati zinthu ziwirizo zikuchitika nthawi imodzi. Manambalawa ndi a Chingerezi, tisawakokere ku Chichewa, pakuti liwu lathu limodzi ngati "sindinakuoneni" kumeneko ndi mawu asanu.

Manambalawa ndi othandiza pozindikira kuti chiganizo chadwala. Koma sakuuzani podula, ndipo apa ndi pamene ambiri amaonongera. Munthu akangomva kuti ziganizo zazifupi ndiye zabwino, amatenga cholembera n'kuika mpumiro paliponse pamene panali mpatuliro. Chidziwitso chathu chija chimasanduka chotere:

*Students were selected for the bursary. They have not submitted their forms. They must be signed by a parent or guardian. The Registrar must receive them on or before 30 June. Their names will be removed from the list.*

Poyang'ana chikuoneka chopepuka, koma chasanduka bodza. Choyambirira chija chimanena za ophunzira okhawo amene sanapereke mafomu, pamene ichi chikuti onse osankhidwa sanapereke. Mlowam'malo *They* m'chiganizo chachiwiri ndi ophunzira, m'chachitatu ndi mafomu, ndipo palibe chokuchenjezani kuti wasintha. Choopsa kwambiri chili kumapeto: liwu lija *unless* lasowa, ndiye chidziwitso chikulengeza kuti mayina achotsedwa basi, kaya fomu yafika kaya ayi. Mtsikana amene anapereka fomu yake sabata yatha akawerenga izi sagona tulo. Mnyamata amene sanapereke akhoza kungotaya mtima n'kusiya, poganiza kuti zatha kale.

Chimene chachitika apa n'chakuti wodula uja wataya alumikizi. M'chiganizo chachitali, nzeru yambiri imakhala m'timawu ting'onoting'ono tomwe timamanga nthambi: ngati, pokhapokha, chifukwa, koma, kenaka. Timeneti ndi timene timauza owerenga kuti ichi chidalira icho, ichi chibwera pambuyo pa icho. Wowerenga amene Chingerezi n'chakwawo nthawi zina amatha kudzaza yekha mpata umene mlumikizi wasiya. Wachiyankhulo chachiwiri amadalira kwambiri kuti mlumikiziyo aoneke ndi maso. Mukamuchotsera, mwamupatsa ziganizo zosavuta kuwerenga koma mwamusiyira ntchito yolosera kugwirizana kwake, ndipo kulosera pa nkhani ya fizi, ngongole kapena mankhwala kumapweteketsa.

Ntchito yeniyeni imayamba musanakhudze mpumiro. Ikani chiganizocho pambali ndipo lembani mzere pansi pa mneni aliyense amene akunena chochitika chenicheni. M'chitsanzo chathu muli kusankhidwa, kupereka, kusaina, kulandira, kuchotsa ndi kupatsa ena malo. Mneni uja tinamudikira mawu 22, *are advised*, mupeza kuti sakunyamula kanthu: chidziwitso chilichonse chimadziwitsa, sipafunika kunena. Ameneyo achoke pamodzi ndi mnzake *the said*, amene ndi chovala cha kukhoti chabe.

Kenaka pa mneni aliyense funsani kuti wochita ndani. Wosaina ndi kholo. Wolandira ndi mkulu wa kaundula. Nanga wochotsa mayina ndani? Chiganizo choyambirira sichikunena, changoti mayina achotsedwa. Kalembedwe kobisa wochita kotereka kamakondedwa m'maofesi chifukwa palibe amene amaoneka wankhanza, koma kamavutitsa owerenga pawiri: kamatembenuza dongosolo la mawu limene anazolowera, komanso kamawasiya osadziwa khomo loti akagogode. Ngati inu wolemba simukudziwa wochotsa mayinawo, nyamukani mukafunse. Kudula chiganizo moona mtima kumaulula zinthu zimene ofesi yeniyeniyo sinagwirizane, ndipo ine ndimaona kuti phindu lake lalikulu lili pamenepa.

Mukatero, sanjani zochitikazo monga mmene owerenga adzakumanire nazo. Choyamba afuna kudziwa ngati nkhaniyi ikumukhudza iye. Chachiwiri, achite chiyani, ndipo ayambe ndi chiti. Chachitatu, tsiku lomaliza ndi liti. Pomaliza, akapanda kutero chichitike n'chiyani. M'chiganizo chakale chija tsiku la 30 Juni, limene ndi chinthu chofunika kuposa zonse, linakwiriridwa pa liwu la 39, mkati mwa nthambi imene nayonso ili mkati mwa ina. Mukatsata dongosololi, podula pamaoneka pokha, pakuti chochitika chilichonse chimatenga chiganizo chakechake:

*This notice is for students who were selected for the bursary but have not yet sent their forms. Your parent or guardian must sign your form. The Registrar must receive the form on or before 30 June. If the form does not arrive by that date, we will remove your name from the list. We will then give your place to a student on the reserve list.*

Ziganizo zilipo zisanu, za mawu 18, 8, 11, 17 ndi 13. Mukaphatikiza mupeza 67, kutanthauza kuti chidziwitso chatalikako ndi mawu 9. Zimenezi zisakudetseni nkhawa. Cholinga sichinali kusunga inki, koma kuchepetsa katundu amene mutu unyamula nthawi imodzi. Mawu owonjezerawo ndi amene akugwira ntchito ya mgwirizano umene Chingerezi chilibe. Liwu lakuti *form* labwerezedwa m'ziganizo zinayi, ndipo labwerezedwa dala. Aphunzitsi athu a Chingerezi anatiphunzitsa kuti kubwereza liwu ndi umphawi wa mawu, ndipo pa chimangirizo cha mayeso ananena zoona. Koma pa chidziwitso, mukati *form* apa, *document* apo, *application* uko, owerenga adzaganiza kuti pakufunika mapepala atatu.

Chiganizo chachinayi ndicho choyenera kuchiyang'anitsitsa. Liwu lija *unless* limavuta chifukwa muli kukana kobisika: silioneka ngati "ayi", koma limatanthauza "ngati si". Likakumana ndi *not* wina m'chiganizo chomwecho, owerenga amayenera kutembenuza nkhani kawiri m'mutu. Ndiye ndalisintha kukhala *if ... not*, kuti kukanako kuonekere poyera. Onaninso kuti chiganizo chimenechi sindinachidule, ngakhale chili ndi nthambi ziwiri. Nthambi ya "ngati" ndi zotsatira zake siziyenera kulekanitsidwa ndi mpumiro, chifukwa mukazilekanitsa, chenjezo limasanduka chigamulo monga tinaonera muja. Ndipo nthambi ya "ngati" ibwere poyamba, kuti amene sizikumukhudza adziwiretu asanachite mantha. N'chimodzimodzi ndi *who* wa m'chiganizo choyamba: ameneyo ndi mpanda umene ukupatula ophunzira ofunikawo pakati pa onse, ndiye sachotsedwa.

Panali njira ina yokopa yolembera chiganizo chachinayicho, yakuti *If the form arrives after 30 June*. Ndi yaifupi, ndipo imamveka bwino m'khutu. Koma ikunena za fomu yofika mochedwa yokha, n'kusiya fomu imene sinafike n'komwe. Wophunzira wochenjera akhoza kutsutsa kuti yake sinafike mochedwa, pakuti sinafike. Kusiyana kwake n'kwakung'ono choncho, ndipo n'chifukwa chake mukamaliza kudula muyenera kuika zakale ndi zatsopano pambalipambali, n'kufufuza chinthu chimodzichimodzi: lamulo lililonse lilipo? Pamene panali *must* pakadali *must*, kapena pafewa n'kukhala pempho? Tsiku la 30 lenilenilo likuwerengedwabe? Ndasunga *on or before* chifukwa *before* yekha akadalanda ophunzira tsiku lathunthu.

Nthawi zina mudzapeza chiganizo chimene sichidulika chifukwa mwini wakeyo sanatsimikize chimene akunena. Tiyerekeze kalata ya kampani ya mabasi ikuti ndalama ya bonasi ilandiridwa ndi *drivers and conductors who have worked for five years*. Kodi zaka zisanuzo zikukhudza makondakitala okha, kapena ndi madalaivala omwe? Chingerezi chikulola zonse ziwiri. Pamene mukufuna kugawa chiganizochi pawiri, mukakamizika kusankha tanthauzo limodzi, ndipo mukasankha mwa nokha mwasintha malipiro a anthu. Pamenepo cholembera chiikidwe pansi, afunsidwe abwana. Pa chifukwa chomwechi, mawu a lamulo la dziko kapena a mgwirizano umene anthu anasainirana kale si oti kalaliki aziwadula yekha. Chimene angachite ndi kulemba kufotokozera kosavuta pambali pake, mawu enieniwo n'kuwasiya mmene alili, ndipo ngati mgwirizanowo ukulembedwa kumene, kudulako kuchitike pamodzi ndi loya. Abale athu amene ali ku Joni adziwe kuti kumeneko nkhaniyi inalowa m'malamulo: lamulo loteteza ogula la 2008, m'gawo 22, limafuna kuti zikalata zopita kwa ogula zilembedwe m'chiyankhulo chomveka kwa munthu wamba.

Kudula kulinso ndi malire ena awiri. Ziganizo zonse zikakhala za mawu asanu kapena asanu ndi limodzi, zotsatizana ngati za m'buku la Sitandade 2, munthu wamkulu amamva kuti akuchepetsedwa, ndipo kuwerenga kumatopetsa chifukwa palibe chosonyeza kuti mfundo yaikulu ndi iti. N'chifukwa chake alangizi aja amanena za mawu 15 mpaka 20 pophatikiza, osati pa chiganizo chilichonse. Kwinaku, chiganizo chachifupi chikhoza kukhala chovuta kuposa chachitali ngati mwachifupikitsa pounjika mayina. Mawu ngati *bursary form submission deadline extension* ndi mayina asanu ogundana popanda mneni kapena mperekezi wosonyeza kuti liti likulamulira linzake. M'Chichewa dzina lalikulu limatsogola, zolifotokoza n'kutsatira pambuyo, pamene m'Chingerezi lalikulu ndi lomaliza, ndiye wowerenga wathu amayenera kuwerenga chobwerera. Kuli bwino kuwonjezera mawu n'kunena kuti tsiku lomaliza kupereka mafomu lasunthidwa, ndi kutchula tsiku latsopanolo.

Pa kompyuta pali zida zoyezera kuwerengeka kwa nkhani. Microsoft Word imatha kukupatsani nambala yotchedwa Flesch Reading Ease, imene inachokera pa njira ya Rudolf Flesch ya mu 1948. Imawerenga zinthu ziwiri zokha: kuchuluka kwa mawu m'chiganizo ndi kuchuluka kwa maphatikizo m'liwu. Ndi yabwino pokulozerani ndime imene yalemera, koma tanthauzo siiona. Chidziwitso chabodza chija, chimene chinachotsa mayina a ophunzira onse, chili ndi ziganizo zazifupi kuposa cholondolachi, ndipo pa mbali imeneyo chida chikadachiyamikira.

Mayeso odalirika ndi munthu. Pezani mmodzi wa anthu amene chidziwitso chikupita kwa iwo, osati mnzanu wa muofesi amene nkhaniyo akuidziwa kale. Akhoza kukhala mlonda wa pageti, mayi wogulitsa mandasi panja, kapena wophunzira wa chaka choyamba. Mupatseni awerenge kamodzi kokha, ndipo musamufunse kuti, "Mwamva?" Mwambo wathu mukuudziwa: munthu akafunsidwa choncho ndi bwana wa muofesi amayankha kuti "Eya, ndamva" mwaulemu, ngakhale sanatolepo kanthu. M'malo mwake tengani pepalalo n'kunena kuti, "Achimwene, tandiuzani m'Chichewa, akanakhala mwana wanu, mukanachita chiyani? Pofika liti? Nanga mukapanda kutero?" Akayankha mafunso atatuwo molondola, chidziwitso chakonzeka kukamatidwa. Akakayika pa limodzi, mufunseni akulozereni pamene anaima n'kubwerera m'mbuyo powerenga. Kawirikawiri chala chake chimagwera pa *which*, pa *they* kapena pa *unless*, ndipo pamenepo ndi pamene muyenera kukonzanso musanasindikize.